Timadontho tofiira ndi tachikasu pa chithunzi cha kuseri kwa diso

"Adokotala, ine ndi dalaivala kuno ku Joni, ndimakhala ku Rosettenville. Ndili ndi zaka 48, shuga anandipeza naye zaka 11 zapitazo, ndimamwa metifomini. Sabata yatha anandijambula m'maso ndi kamera nkundiuza kuti shuga wayamba kuononga mitsempha, papepala analemba kuti moderate NPDR. Koma ine ndikuona bwinobwino, ngakhale usiku ndimayendetsa. Ndakutumizirani zithunzi zake ndi pepalalo. Iwowo aona chani chomwe ine sindikumva? Kapena angofuna kundigulitsa magalasi?"

Achimwene, zithunzi zanu ndaziona ndipo ndazikulitsa pa kompyuta, sanakunamizeni ayi. Za magalasi ziiwaleni kaye, magalasi sakonza chimene chili pa chithunzichi ndipo munthu amene akufuna kukugulitsani magalasi sangavutike kukutumizani kwa dokotala wina. Tsegulani chithunzi cha diso lakumanja pa foni yanuyo tiyendere limodzi, mukangodziwa poyang'ana muona nokha.

Chozungulira chofiira chonkira ku bulauni chija ndi retina, kachikopa kopyapyala kamene kayala mkati mwa diso kumbuyo, ndi kamene kamalandira kuwala. Kwa ife akuda kamaoneka koderako kuposa zithunzi zomwe mungapeze pa intaneti, musadabwe nazo, si matenda. Cha kumanja kwa chithunzicho muona kabwalo kowala ngati mwezi, pamenepo ndi pomwe mtsempha waukulu wa diso umatulukira kupita ku ubongo, ife timangoti disiki. Kukula kwake ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka, ndipo ndi kamene timagwiritsa ntchito ngati rula poyeza china chilichonse pa chithunzi. Kuchokera pa disiki mitsempha ya magazi ikutuluka ngati nthambi, ina yopyapyala yofiira mowala, imeneyo ikubweretsa magazi, ina yonenepa yoderako, imeneyo ikubweza magazi. Nthambi ziwiri zikuluzikulu zikukhota, ina pamwamba ina pansi, ngati manja akukumbatira malo oderapo pakati pa chithunzi. Malo amenewo ndi makyula. Ndi pamene mumawerengera nambala puleti ya galimoto yakutsogolo, mesiji ya pa foni, nkhope ya mwana wanu. Retina yonse yotsalayo imakuthandizani kuona zam'mbali, koma kuona kwakuthwa kuli pa kamalo kameneka basi.

Nde apa mpamene pali yankho la funso lanu lija. Retina ilibe mitsempha yomva ululu, ikhoza kutuluka magazi inu osamva kanthu. Ndipo bola pakatikati pa makyula pali pouma, mudzawerenga mzere wapansi wa tchati cha kuchipatala chija ngakhale m'mbali monse muli mabala. Ndakhala ndikuona anthu owerenga bwinobwino pa tchati pomwe chithunzi chawo chikundichititsa kugwira pakamwa.

Tsopano timitsempha timene shuga amayambira kuononga si iyi mukuiona pa chithunziyi. Ndi tina tating'ono kwambiri tolumikiza nthambizi, topyapyala moti maselo ofiira a magazi amadutsamo limodzilimodzi pa mzere, tsitsi la m'mutu ndi lonenepa kangapo konse kuposa itoto. Kamera siitiona. Imaona zimene timasiya tikaonongeka. Kunja kwa kamtsempha kalikonse kuli maselo ena otchedwa maperisaiti amene amakagwira ngati zala zogwira payipi, kuti khoma lake likhale lolimba. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka, maselo amenewa amafa limodzilimodzi, khoma limatsala lofooka, ndipo zimachitika zinthu ziwiri. Pena kamtsempha kamatupa nkuyamba kudontha, pena kamatsekeka magazi osadutsanso. Chilichonse chimene tikuwerenga pa chithunzi chanu chikuchokera pa ziwirizi, kudontha kapena kutsekeka.

Yang'anani kumanzere kwa makyula, mbali yotalikirana ndi disiki, ndipo mukulitse ndi zala. Muona timadontho tofiira tozungulira bwino, ngati wina wagunda ndi nsonga ya bolopeni yofiira. Ine ndawerenga 14 m'diso lakumanjali, lakumanzere 5. Amenewa ndi mamaikuloanyurizimu, dzina lalitali koma chinthu chake mukuchidziwa. Mukukumbuka chubu cha njinga chakale mmene chimatupira kachotupa pamalo pomwe labala yatha? Ndi zimenezo, kamtsempha katupa pamalo pofooka ndipo magazi adzaza m'kathumbako mpaka kamera yatha kukaona. Ichi ndi chizindikiro choyambirira chimene diso la munthu lingaone. Munthu akakhala ndi timadontho timeneti tokha popanda china chilichonse timati matenda angoyamba kumene. Ndipo timabwera nkumapita, kena kamatsekeka nkusowa pakatha miyezi kena nkutuluka pena, nde musadzasangalale kwambiri kuti kadontho kaja kasowa chaka chamawa, kusowa kwake nthawi zambiri kumatanthauza kuti kamtsemphako katsekeka, osati kachira.

Pafupi ndi timadonthoto, cha m'munsi, pali madontho atatu okulirapo, ofiira moderapo, m'mphepete mwake mosalongosoka ngati inki yadonthera pa pepala. Amenewo ndi magazi amene atuluka kale m'mtsempha nkulowa m'kati mwa retina. Amakhala ozungulira chonchi chifukwa ali mozama, momwe maselo anapanikizana choimirira ndipo magazi alibe kothawira. Magazi akatuluka pamwamba penipeni amatsatira ulusi wa mitsempha yopita ku ubongo nkuoneka ngati lawi la moto kapena nthenga. M'diso lanu lakumanzere muli kamodzi kotere pamwamba pa disiki, ndipo kanandichititsa kubwerera pa pepala lanu kukaona bipi. Analemba 152/94. Magazi ooneka ngati lawi amakonda kuyenda ndi bipi yokwera, nde apa shuga sali yekha, ali ndi mnzake womuthandiza kuswa mapayipi.

Koma chimene ndikufuna tikhalepo nthawi ndi tachikasu tija. Bwererani ku diso lakumanja. Pamwamba pang'ono ndi kumanzere kwa pakati pa makyula pali timiyala tachikasu towala, ta m'mphepete mwakuthwa ngati phula la kandulo lodonthera patebulo, ndipo tandandalika mokhota ngati theka la mkombero. Pakati pa mkomberowo pali timadontho tofiira titatu tounjikana. Izi sizinangochitika mwangozi. Timadontho titatuto tikudontha madzi a m'magazi, madziwo amanyamula mafuta ndi mapuloteni, akamafalikira mitsempha yabwino ya m'mbali imayamwa madziwo koma mafutawo amatsalira. Zili ngati chithaphwi chikamauma, chimasiya mzere wa dothi m'mphepete momwe madzi analekezera. Ndiye ine ndikaona mkombero wachikasu ndimadziwa kuti pakati pake pali kasupe, ndipo retina ya pamenepo mwina yanyowa nkutupa.

Funso lalikulu limakhala loti mkomberowo uli patali bwanji ndi pakatikati pa makyula. Apa mpomwe rula yathu ija imagwira ntchito. Ndimatenga kukula kwa disiki nkukuika pakati pa makyula, ngati tachikasu tili mkati mwa mtunda wa disiki imodzi, munthuyo samadikira chaka, amapita kwa dokotala wa maso. Kwa inu kamwala koyandikira kwambiri kali pafupifupi magawo awiri mwa atatu a disiki, kutanthauza milimita imodzi yokha kuchokera pamene mumawerengera. Milimita imodzi achimwene. Nchifukwa chake lero mukuona bwino, ndipo nchifukwa chakenso sindikufuna muzengereze. Madziwo akangofika pakati, zilembo zimayamba kuchita mbuu, mizere yoongoka ngati ya mafelemu a chitseko imaoneka yokhota, ndipo magalasi aliwonse amene mungayese sathandiza poti vuto silili pa galasi la kutsogolo kwa diso.

Apa ndinene chilungamo za malire a chithunzichi. Ndi chafulati. Chimaonetsa mafuta otsalira koma sichingayeze kuti retina yatupa mochuluka bwanji, monga chithunzi cha bwalo la mpira chojambulidwa kuchokera m'mwamba sichingakuuzeni kuti pali chulu chotalika bwanji. Pamafunika sikani ina yotchedwa OCT, imene imaonetsa retina ngati buledi wodulidwa, magawo ake onse, ndipo madzi amaoneka ngati timabowo takuda mkati. Siipweteka, siikhudza diso, mphindi zochepa basi. Anthu ambiri ndithu amene ali ndi tachikasu ngati tanu akapita ku OCT amapezeka kuti pakati ndi pouma ndipo amangowaonanso pakapita miyezi ingapo. Ena amapezeka kuti madzi afika, amenewo amayamba jakisoni wa m'diso, m'zipatala zambiri za boma amagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa Avasitini, poyamba mwezi ndi mwezi. Ndikudziwa mawu oti jakisoni wa m'diso amaumitsa thupi, koma diso amayamba alichititsa dzanzi ndi mankhwala odontheza ndipo zimatha musanamalize kupemphera.

Tibwere ku mbali yachiwiri ija, ya kutsekeka, chifukwa ndi imene imachititsa khungu lenileni ndipo ndinaifufuza kwambiri pa zithunzi zanu. M'diso lakumanzere, motsatira nthambi ya m'munsi, pali kabanga koyera kofewa m'mphepete ngati kachidutswa ka thonje. Musakasokoneze ndi tachikasu tija, tija ndi takuthwa ndi towala, aka ndi kotuwa ngati kamtambo. Apa kamtsempha kanatsekeka, ulusi wa mitsempha yopita ku ubongo wa pamalopo unasowa mpweya nkutupa. Kabanga kotere kamazimirira pakatha masabata angapo kapena miyezi ingapo. Kamodzi sikandiopsa, komanso si shuga yekha amene amabweretsa, bipi imabweretsa, kachilombo ka HIV kamabweretsa, kuchepa kwambiri kwa magazi nakonso. Retina imaulula zambiri za m'thupi, mwina simukudziwa kuti ngakhale kusintha kwa retina kwa ana odwala malungo a mu ubongo anakufotokoza madokotala ofufuza kwathu konkuja ku Queens, ku Blantyre.

Zimene ndimaopa ndi zina. Malo otsekeka akachuluka, mitsempha yobweza magazi ija imasiya kukhala yosalala, imayamba kunenepa pena kupyapyala pena ngati mikanda kapena masoseji omangidwa. Pamaonekanso timitsempha tokhotakhota tachilendo mkati mwa retina, tolambalala malo akufa. Ife timagawa chithunzi pazigawo zinayi nkugwiritsa ntchito lamulo lotchedwa 4-2-1, magazi ochuluka m'zigawo zonse 4, kapena mitsempha ya mikanda m'zigawo 2, kapena timitsempha tachilendo tooneka bwino m'chigawo 1. Chimodzi mwa izi chikapezeka ndiye kuti matenda afika poopsa, ndipo pa anthu otere pafupifupi theka amafika pa siteji yomaliza, yomera mitsempha yatsopano, chaka chisanathe. Inu mulibe chilichonse mwa zitatuzi pa zithunzi zimene ndaona. Ndiye mawu a papepala paja akungonena zimenezi, kuti mwadutsa poyambira, muli pakatikati, ndipo mitsempha yatsopano siinayambe kumera.

Kumera kwa mitsempha yatsopano kumamveka ngati nkhani yabwino eti? Ayi ndithu. Retina yosowa mpweya imatulutsa mankhwala otchedwa VEGF, ngati kukuwa kopempha magazi, ndipo thupi limayankha pomeretsa timitsempha mwachangu, pa disiki kapena m'mbali mwa nthambi zikuluzikulu. Pa chithunzi timaoneka ngati ukonde wa kangaude wofiira, topiringizana, tosatsatira njira ya nthambi zinzake. Muziganiza za mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo aja mumawaona m'mikuku, opyapyala, opanda chokutira, ongodutsa paliponse. Timitsempha timeneti timakwawa pamwamba pa retina nkukakamira ku madzi olimba ngati jele amene adzaza mkati mwa diso. Tsiku lina jeleyo akakoka, timaduka, magazi nkudzaza m'diso. Munthu amagona akuona, kudzuka m'mawa akuona utsi wakuda kapena tizinthu ngati ntchentche zambirimbiri zikuyandama, pena mdima wokhawokha. Pambuyo pake pamabwera zipsera zimene zimakoka retina nkuimatula pa khoma lake.

Ndinali ndi bambo wina wa ku Mangochi, telala wa ku Mayfair, amene tinamupeza ndi ukonde umenewu pa disiki mwezi wa Novembala akuona bwinobwino. Tinamulembera kalata, iye anati maoda a Khirisimasi achuluka komanso akupita kumudzi, adzapita akabwerako. Anabwera mu Febuluwale mwana wake atamugwira dzanja, diso limodzi litadzaza magazi. Linalo analipulumutsa ndi leza. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinamufotokozera mokwanira tsiku lija, ndiye mundikhululukire ngati ndikutalikitsa kwa inu. Leza ikaperekedwa pa nthawi yake imachepetsa ndi theka kapena kuposa ngozi yotaya kuona kwambiri, imaotcha timadontho tambirimbiri m'mbali mwa retina kuti kukuwa kuja kuchepe mitsempha yolakwikayo nkufota. Koma siibweza zimene zatayika kale.

Pali chinanso chimene muyenera kudziwa pa zithunzi zanu zenizenizi. Kamera yamtunduwu imajambula madigiri 45 pa chithunzi chimodzi, ndipo mwambo wabwino ndi zithunzi ziwiri pa diso lililonse, china makyula ali pakati china disiki ili pakati. Inu mwanditumizira chimodzi pa diso. Ndiye mbali ya retina ya kufupi ndi mphuno sindinaione, komanso m'mphepete mwenimweni simufika kamera imeneyi. Chithunzi cha kumanzere chilinso ndi mthunzi m'munsi, chizindikiro choti mwana wa diso anali wamng'ono, ndikuganiza kuti sanakuthireni mankhwala okulitsa. Nde mawu anga oti palibe mitsempha yatsopano akukhudza malo amene ndaona okha. Ndi chifukwa china choti dokotala wa maso akuoneni mwana wa diso atakulitsidwa. Ndipo kadontho kakuda kali cha kumtunda kumanja musakade nako nkhawa, kali pamalo amodzimodzi pa zithunzi zonse ziwiri, ndi fumbi la pa galasi la kamera, maso awiri sangadwale pamalo ofanana ndendende chonchi.

Tsiku lopita kukaonedwa galimoto muisiye, kwerani takisi. Mankhwala okulitsa mwana wa diso amachititsa chimbuuzi ndi kuthobwa ndi dzuwa kwa maola anayi mpaka sikisi, simungayendetse pa M1 muli choncho, ndipo bwana wanu muuzeni kuti ndi tsiku lonse. Ngati mulibe medikolo eidi, tengani pepala ndi zithunzizi ku kiliniki kumene mumatengera metifomini akulembereni kalata yopita ku chipatala cha maso cha boma, chachikulu kuno ndi St John ku Bara, ku Soweto. Mizere ndi yaitali, nchifukwa chake kalatayo ionetse poyera kuti pali mafuta mkati mwa disiki imodzi kuchokera pakati pa makyula kumanja, mawu amenewo ndi amene amathandiza wosankha odwala kudziwa kuti inu si wongofuna magalasi. Ine ndingakonde muonedwe m'masabata ochepa akubwerawa, isapitirire miyezi itatu. Zithunzizo muzisunge, mudzitumizire pa imelo, chifukwa chithunzi cha chaka chino chimakhala ndi phindu lalikulu chikaikidwa pambali pa cha chaka chamawa, ndipo ngati mudzabwerere kumudzi a ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens kapena ku Nkhoma adzafuna poyambira.

Pa pepala lanu ndaonanso HbA1c ya 9.4. Muyezo umenewu umaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, si wa tsiku limodzi ngati wobaya chala uja, ndipo kwa anthu ambiri a msinkhu wanu timafuna ukhale cha m'ma 7. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wa anthu a shuga wa mtundu wanuwu, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1998, anaonetsa kuti kutsitsa shuga komanso kutsitsa bipi, chilichonse pachokha, kumachedwetsa kuonongeka kwa timitsempha timeneti. Metifomini yekha pa zaka 11 ndi 9.4 zikuoneka kuti sakukwanira, mukakambirane ndi a kiliniki zoonjezera mankhwala, ndipo ngati atchula insulini musathawe, koma muwauze kuti ndinu dalaivala kuti akuphunzitseni za shuga wotsika muli pa msewu. Mutsitse pang'onopang'ono pa miyezi ingapo mothandizidwa ndi iwo, chifukwa shuga amene wakhala pamwamba zaka zambiri akagwetsedwa mwadzidzidzi retina nthawi zina imayamba yaipirako kaye isanakhazikike, nde a maso ndi a shuga azidziwana zimene akuchita. Nthawi imeneyi maso akhoza kumasinthasintha, lero mbuu mawa bwino, poti galasi la m'diso limatupa ndi kuphwa motsatira shuga, musagule magalasi atsopano mpaka manambala akhazikike. Muwapemphenso ayeze mkodzo ndi magazi kuona impso, ndiponso akuoneni mapazi, timitsempha ta kumeneko ndi tamtundu womwewu ndipo tamwa shuga yemweyo zaka 11.

Pamene mukudikira deti, kamodzi pa sabata tsekani diso lakumanzere ndi chikhatho muyang'ane felemu la chitseko kapena mizere ya matailosi ndi lakumanja lokha, kenako musinthe. Maso awiri akakhala otsegula labwino limabisa vuto la linzake, anthu ambiri amazindikira mochedwa chifukwa cha zimenezi. Mukaona mzere wakhota kapena pakati pachita mbuu, pitani sabata yomweyo. Mukaona utsi wakuda, ntchentche zambiri zobwera nthawi imodzi, kuphethira kwa kuwala ngati mphezi kapena chinsalu chakuda chikutsika mbali imodzi, imikani galimoto, pitani ku kajuwote ya chipatala tsiku lomwelo, deti ija musaidikire.